Bwana akuti memo ya maola atsopano ituluke lero, iyambe Lolemba

Mlembi_25
Abale ndigawireni nzeru. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Kanengo. Tilipo anthu 46, kuphatikizapo madalaivala, anyamata onyamula katundu ndi alonda. Woona za antchito tilibe, ndiye zolembalemba zonse zimagwera ine. Lero Lachinayi bwana andiitana, akuti ndilembe memo yoti kuyambira Lolemba tizilowa 7:30 n'kuweruka 4:30, komanso Loweruka tizibwera 8 koloko mpaka 12 koloko. Pakali pano timalowa 8 koloko n'kuweruka 5 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu basi, nkhomaliro ola limodzi. Chifukwa chake akuti amisiri amafuna simenti ndi malata m'mamawa, ndipo Loweruka makasitomala akuthawira kwa anzathu. Ndalemba chonchi:

"Antchito nonse mukudziwitsidwa kuti kuyambira sabata yamawa maola ogwirira ntchito asintha. Aliyense azifika 7:30 ndipo Loweruka tizigwira theka la tsiku. Wosatsatira adzalandira chilango. Akuluakulu a kampani."

Koma mtima ukundikana. Ndiimate pabolodi chonchi?

MwanaWaKawale
Musamate. Mukamata imeneyo Lolemba anthu azikuyang'anani ngati mwalodza mwana wawo, pomwe bwana ali phee mu ofesi yawo.

Nachisale77
Ndiyambe ndi zooneka ndi maso. "Sabata yamawa" si tsiku. Pepala la pabolodi limakhala pamenepo mwezi wathunthu, ndiye wobwera kutchuthi akaliwerenga, sabata yamawa yake ndi iti? Lembani tsiku ndi deti yake. Komanso mwatchula nthawi yolowa yokha, yoweruka mwaiwala. Munthu akawerenga aganiza kuti alowa 7:30 koma aweruka 5 koloko yomwe ija. "Theka la tsiku" nalonso lili ndi vuto, wina ati 12 koloko, wina ati 1 koloko.

Mlembi_25
Eee zoona, nthawi yoweruka ndaisiyadi. Manyazi.

Akauntanti_BT
Palibe chovuta apa. Lamulo limati maola 48 pa sabata. Inu mufika 44 basi. Bwana ali ndi ufulu, kampani ndi yawo. Konzani chiganizo chimene a Nachisale anenacho, bwana asaine, mutulutse. Anthu adandaula masiku awiri kenako azolowera.

GogoWaLeba
A Akauntanti, nambala mwaitchulayo ndi yoona koma mwaiika pamalo polakwika. Maola 48 ali mu Employment Act ya 2000, ndime 36, ndi malire amene wolemba ntchito sayenera kupyola popanda ovataimu. Ndimeyo sikunena kuti aliyense amene amagwira maola ochepera pamenepo bwana angomuwonjezera mpaka akwane 48. Ndime yomweyo imanena kuti maola a munthu azilembedwa mu kontirakiti yake.

Ndiye mwana wanga Mlembi, usanakhudze memo, tsegula kabati utenge mafayilo atatu kapena anayi, ya wa mu ofesi, ya dalaivala, ya wonyamula katundu. Werenga kalata imene anasaina polowa ntchito. Ikunena chiyani za maola?

Ndikufunsa chifukwa bwana wako wakupatsa zinthu ziwiri m'thumba limodzi. Choyamba ndi kusuntha nthawi, kuchoka pa 8 mpaka 5 kupita pa 7:30 mpaka 4:30. Pamenepo maola ndi asanu ndi atatu omwe aja pa tsiku, 40 pa sabata, palibe amene wabedwa. Chachiwiri ndi Loweruka. Amenewo ndi maola anayi atsopano, 40 yasanduka 44, ndipo tsiku limene munthu ankapuma lasanduka la ntchito. Choyambacho memo yabwino ndi nthawi yokwanira zitha kuchinyamula. Chachiwiricho, ngati kontirakiti imati Lolemba mpaka Lachisanu, ndi kusintha mgwirizano, ndipo mgwirizano wa anthu awiri sasintha munthu mmodzi ndi pepala la pabolodi.

Akauntanti_BT
Koma agogo, makalata ambiri amakhala ndi kachiganizo kaja koti kampani itha kusintha maola pakafunika kutero. Kathu kalipo.

GogoWaLeba
Kakakhalapo kamathandiza bwana, sindikana. Koma ndakhala pa matebulo ambiri a madandaulo, ndipo funso loyamba limene limafunsidwa ndi lakuti, kodi antchitowo munakambirana nawo? Kachiganizo kameneko sikachotsa funso limeneli. Ndipo kusintha maola n'kosiyana ndi kuwonjezera maola pa malipiro omwewo. Apo pokha ndimakana.

WakuJoni
Inu muli ndi mwayi mumalemberana mamemo. Kuno foromani amangolemba pa gulu la WhatsApp 9 koloko usiku kuti mawa 6 koloko. Ukafunsa akuti geti ndi ilo.

MwanaWaKawale
Achimwene a ku Joni, pepani ndithu, koma musatiphunzitse zimenezo kuno, mabwana ena ali pagulu pompano akuwerenga.

Mlembi_25
Agogo ndayang'ana mafayilo asanu. A mu ofesi ndi onyamula katundu makalata awo akuti maola 40, Lolemba mpaka Lachisanu, 8 mpaka 5. Kachiganizo ka a Akauntanti mulibe. Madalaivala awo akuti Lolemba mpaka Loweruka kale, ndipo amabweradi Loweruka kukasiya katundu. Alonda ali ndi mashifiti awoawo. Anyamata awiri amene analowa chaka chino mafayilo awo mulibe kalata iliyonse.

GogoWaLeba
Waona tsono? Mawu aja akuti "antchito nonse" anali abodza kale. Alonda sizikuwakhudza, madalaivala Loweruka silachilendo kwa iwo. Ukalemba "nonse", mlonda wa usiku adzabwera kudzakufunsa ngati nayenso azifika 7:30, ndipo sadzakhala wopusa pofunsa. Memo itchule magulu ndi mayina awo, amene akhudzidwa ndi amene sakhudzidwa.

Za anyamata awiriwo, uwauze bwana mwakachetechete kuti ndime 27 imafuna kuti wantchito apatsidwe chikalata chofotokoza za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chilowereni. Imeneyo ndi nkhani ina, koma ikonzedwe.

Tsopano Loweruka. Ndime 39 ili ndi mitundu itatu ya ovataimu. Kupitiriza ntchito pa tsiku la ntchito ndi malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Kugwira pa tsiku limene ukanapuma ndi kawiri. Pa holide ya boma ndi kawirinso. Kwa munthu amene kalata yake imathera Lachisanu, Loweruka ndi tsiku lopuma. A Akauntanti, inu ndinu a masamu, tawerengerani munthu wolandira K346,000 pa mwezi.

Akauntanti_BT
Chabwino. Maola 40 pa sabata, kuchulukitsa ndi masabata 52, kugawa ndi miyezi 12, timapeza maola pafupifupi 173 pa mwezi. K346,000 kugawa ndi 173 ndi K2,000 pa ola. Loweruka limodzi maola anayi, pa mtengo wa kawiri, ndi K16,000. Mwezi wa Maloweruka anayi ndi K64,000 pa munthu mmodzi. Hmm. Akakhala anthu 30 a malipiro ngati amenewo ndi K1,920,000 pa mwezi. Ndavomera kuti bwanayo ayenera kuona nambala imeneyi asanasaine kanthu. Komabe ine ndikuti akagwirizana ndi antchito kontirakiti yatsopano ya maola 44, Loweruka sililinso ovataimu.

GogoWaLeba
Akagwirizana, inde. Mawu ake ndi amenewo. Ndipo anthu povomera adzafunsa kuti malipiro akwera bwanji, ndi ufulu wawo kufunsa. Akumbukirenso kuti munthu wa masiku asanu ndi limodzi pa sabata malire ake ndi maola asanu ndi atatu pa tsiku. 7:30 mpaka 4:30 kuchotsa nkhomaliro ndi asanu ndi atatu ndendende, ndiye chizolowezi chomati "tamalizani kaye kutsitsa thiraki iyi" 4:30 itakwana chidzakhala cholipira.

Bambo_a_Tadala
Kodi zimenezi zayamba liti? Ine sindinamve pa wailesi kuti boma lasintha maola. Ndiye ndikafuna kukatenga chiphaso Loweruka atsegula?

Nachisale77
Bambo a Tadala, werengani kuchokera pamwamba. Ndi kampani ya eni ake ku Kanengo, si boma.

Bambo_a_Tadala
Oho pepani, ndinangoona mutu wokha.

MayiWaMapasa
Ine ndilankhule ngati munthu amene zinamuchitikira, osati za malamulo. Kumene ndinkagwira kale anatisinthira kuchoka 8 koloko kupita 7:30, anatiuza Lachisanu madzulo tikunyamula zikwama. Mphindi 30 pa pepala zimaoneka zochepa. Koma ine ndinkakhala ku Area 36, ntchito ku Kanengo, minibasi ziwiri, kutsika m'tauni n'kukweranso ina. Ana anga amapasa ndinkawasiya ku sukulu ya mkaka imene geti ankatsegula 7 koloko. Ndiwasiye 7 koloko ku 36, ndifike 7:30 ku Kanengo, ndi ndege? Sabata yoyamba ndinachedwa masiku anayi, yachiwiri ndinalandira kalata ya chenjezo. Zinanditengera mwezi kuti ndipeze mtsikana wa pafupi woti aziwaperekeza, ndipo ndinkamulipira kuchokera m'thumba langa. Akanandiuza mwezi umodzi zisanayambe, ndikanakonza zonse popanda kalata ija mu fayilo yanga. Ndiye a Mlembi, chimene mungawamenyere anzanuwo ndi nthawi. Lolemba likubwerali ndi nkhanza.

MwanaWaKawale
Komatu kuweruka 4:30 n'kokoma. Umadutsa pa Area 18 mzere wa magalimoto usanakule, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi umafika kunyumba kusanade.

MayiWaMapasa
Kokoma kwa amene alibe mwana womusambitsa m'mawa.

Dalaivala_Mkulu
Nkhani ya mamemo imandikwiyitsa pa chinthu chimodzi. Amatumiza pa imelo, m'Chingerezi, kwa anthu okhala pa mipando. Ife tili pa msewu wa ku Kasungu ndi katundu, tibwera Lachitatu, timva kwa mayi ophika tiyi. Tsiku lina anasintha malamulo a mafuta, kuti lisiti lililonse lizikhala ndi nambala ya galimoto ndi makilomita. Ine osadziwa, malisiti anga atatu anakanidwa. Ndikufunsa akuti memo inatuluka. Inatulukira kuti? Ine kompyuta ndili nayo?

Nachisale77
Apa a Dalaivala anena zenizeni. Kwathu timachita chonchi. Memo imalembedwa m'zilankhulo ziwiri pa pepala limodzi, Chingerezi mbali ino, Chichewa kuseri. Imodzi pabolodi la ku ofesi, ina pageti pamene anthu amasainira polowa, chifukwa ndi pokhapo pamene aliyense amaima. Pa gulu la WhatsApp timaikapo chithunzi cha memo yosainidwa ndi kudindidwa, osati mawu ongotayipa, chifukwa mawu ongotayipa anthu amawatumizirana atadula mzere umodzi ndipo pofika madzulo nkhani yasintha. Kenako woyang'anira gulu lililonse amawerengera anthu ake m'mawa, n'kuyendetsa pepala la mayina loti aliyense asaine. Amene ali kutchuthi kapena paulendo timawaimbira foni n'kulemba tsiku limene tawaimbira.

MlondaWakale
Pepala losainalo ine ndimaliopa. Unasaina wekha, amatero pambuyo pake.

GogoWaLeba
Mantha amenewo ali ndi chifukwa, achimwene. N'chifukwa chake pamwamba pa pepala la mayina pazilembedwa poyera kuti "Ndalandira ndipo ndawerenga memo iyi." Zithere pomwepo. Kulandira si kuvomera. Ngati kampani ikufuna kuti munthu avomere maola atsopano a Loweruka, imeneyo ndi kalata ina, ya munthu aliyense payekha, yokhala ndi dzina lake, maola atsopano ndi malipiro ake, ndipo apite nayo kunyumba akaiwerenge. Kubisa kuvomera mkati mwa pepala la mayina ndi ukathyali, ndipo nkhani ikafika ku ofesi ya leba kapena ku khothi la milandu ya pantchito zimaoneka.

MwanaWaKawale
Zoseketsa n'zakuti dzina lenilenilo ndi Loweruka, tsiku loweruka. Ndiye kuti makolo athu ankagwira n'kuweruka masana. Bwana wa a Mlembi wangobwezeretsa chikhalidwe.

WakuJoni
Kkkk muwauze antchitowo zimenezo muone ngati mutuluke ndi mano onse.

Mphunzitsi_Wopuma
Poti mwatchula mayi ophika tiyi, ife kusukulu ina nkhondo yaikulu sinali ya maola, inali ya shuga. Ahedi analemba kuti aliyense azibwera ndi shuga wake, aphunzitsi anasiya kulankhulana temu yonse. Wina ankasunga wake m'botolo la mankhwala kuti anzake aziopa.

Nachisale77
Aphunzitsi, za shuga tidzatsegulira nkhani yake. A Mlembi akudikira, bwana akufuna pepala lero.

Msabata_wa_ku_Ntcheu
Palibe amene watchula za mapemphero. Pa anthu 46 sipangalephere wa Seventh Day. Kwa ife Sabata limayamba dzuwa likalowa Lachisanu mpaka kulowanso Loweruka, ndipo si nkhani yoti munthu angapemphe abusa kuti amulole. Mukalemba kuti Loweruka aliyense abwere, wosabwera chilango, mwamuuza munthu ameneyo kuti asankhe pakati pa ntchito ndi mpingo. Chimodzimodzi mukadzakhudza nthawi ya nkhomaliro, kumbukirani Asilamu Lachisanu masana. Zimenezi zimadziwika mukawafunsa anthu memo isanatuluke, osati itamatidwa.

Mlembi_25
Alipo atatu a Sabata, mmodzi ndi amene amasunga makiyi a kosungira katundu. Mutu wandipweteka. Ndiye ndikawauze chiyani bwana? Ine ndine mlembi chabe, sindingakawaphunzitse malamulo.

GogoWaLeba
Usakawaphunzitse. Mabwana sakonda kuuzidwa kuti alakwa, koma amamva ndalama. Tenga makalata awiri a m'mafayilo aja ndi masamu a a Akauntanti, ukanene kuti bwana, ndisanatulutse ndimati muone izi, ndikuopa kuti zingatidyere ndalama. Kenako uwapatse njira, usangowasiyira vuto. Funso ndi lakuti, kodi Loweruka akufunika anthu onse 30? Kuti mugulitse simenti maola anayi mufunika wolandira ndalama, wolemba malisiti, wa makiyi ndi onyamula angapo. Mwina anthu asanu ndi atatu. Azisinthana, alipidwe ovataimu yawo, ndipo udzaona ena akulimbirana kuti awaike pa ndandanda.

Chinanso, memo isatuluke m'dzina la "akuluakulu a kampani". Akuluakulu ake ndani? Pakhale dzina ndi udindo wa bwana, asaine okha. Iwe ukasaina, mkwiyo wonse udzafikira pa tebulo lako.

Akauntanti_BT
Anthu 8 pa K16,000 ndi K128,000 Loweruka lililonse, ngati onse ali pa malipiro aja. Onyamula katundu amalandira zochepera, ndiye itsikanso. Imeneyo bwana atha kuiyerekeza ndi zimene agulitse. Koma mawu a chilango ine ndikanawasiya. Mukachotsa, anthu amayesa nkhambakamwa.

Nachisale77
Ayi. Malamulo a kuchedwa alipo kale pakampani, sanasinthe, ndiye kuwabwerezeranji? Memo ya mizere itatu, umodzi wonse n'kukhala woopseza, anthu amakumbukira woopsezawo. Ine ndimalemba tsiku limene kuwerengera ochedwa kudzayambe, basi. Aliyense amamva tanthauzo lake.

Akauntanti_BT
Tisiyana pamenepo. Anthu ena samva za ulemu.

Mlembi_25
Ndabwerako. Poyamba anakwiya, akuti kampani ndi yanga kapena ya antchito? Nditawaonetsa K1,920,000 ija anakhala chete, n'kuitanitsa tiyi. Mawa Lachisanu akumana ndi oyang'anira magulu, Lachiwiri tidzakhala ndi msonkhano wa onse pabwalo. Ndalembanso chonchi kuti tidzatulutse msonkhanowo ukatha, ngati sipasintha kanthu:

"Kwa: antchito a mu ofesi, ogulitsa ndi onyamula katundu. Madalaivala ndi alonda, maola anu sakusintha.
Kuchokera kwa: Mkulu wa kampani.
Nkhani: Kusintha kwa nthawi yolowa ndi yoweruka.

Potsatira msonkhano wathu wa Lachiwiri, kuyambira Lolemba loyamba la mwezi wamawa tizilowa 7:30 m'mawa ndi kuweruka 4:30 madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, m'malo mwa 8:00 mpaka 5:00. Nkhomaliro ikhalabe 12:00 mpaka 1:00. Maola pa sabata akhalabe 40 ndipo malipiro sakusintha. Tachita izi chifukwa makasitomala ambiri amafuna katundu m'mamawa asanapite kumene akumanga.

Loweruka tizitsegula 8:00 mpaka 12:00 ndi anthu ochepa osinthana. Ofuna kukhala pa ndandanda alembetse kwa woyang'anira gulu lawo, ndipo adzalipidwa ovataimu ya tsiku lopuma.

Amene nthawi yatsopanoyi imuvute chifukwa cha mayendedwe, ana kapena mapemphero aonane ndi woyang'anira wake pasanafike Lachisanu la sabata yamawa. Kuwerengera ochedwa pa nthawi yatsopano kudzayamba pakatha masabata awiri chiyambireni."

Nachisale77
Yasintha nkhope. Koma mwabwerezanso matenda aja: "Lolemba loyamba la mwezi wamawa", "Lachisanu la sabata yamawa", "pakatha masabata awiri". Ponseponse ikani deti yeniyeni, ndipo memoyo ikhale ndi deti yake pamwamba.

Mlembi_25
Madeti ndawasiya dala pano pagulu kuti anzanga a kuntchito asandizindikire, pa pepala lenileni alipo.

MwanaWaKawale
Anthu 46, Kanengo, simenti ndi malata, wa makiyi ndi wa Sabata. Achemwali, akuzindikirani kalekale.

GogoWaLeba
Yakhala bwino mwana wanga. Kokha kumbukira kuti makalata aja amatchula 8 mpaka 5, ndiye ngakhale maola sanachuluke, msonkhano ukatha aliyense apatsidwe kakalata kosintha mzere umenewo, asaine, kalowe mu fayilo. Ulembenso mfundo za msonkhanowo, amene analipo ndi zimene anadandaula. Ndipo mawu akuti "potsatira msonkhano wathu" akhale oona. Anthu akakanena kuti 7:30 siitheka kwa okhala ku Chinsapo ndi ku 36, bwana amve, mwina ena azilowa 8 koloko n'kumatseka 5 koloko, zomwe zingathandizenso kasitomala wobwera mochedwa. Ukakhala msonkhano wongowawerengera zimene zatha kale, anthu amadziwa.

MayiWaMapasa
Mzere wa ana uja mwaika, zikomo. Koma woyang'anirayo akauzidwa, ali ndi mphamvu yololeza munthu kufika 8 koloko, kapena angomva n'kunena kuti pepani?

Mlembi_25
Funso limenelo ndilibe yankho lake, ndikawafunsa bwana mawa. Chinanso chatsala ndi makiyi. Bwana sakhulupirira munthu wina aliyense ndi makiyi a kosungira katundu kupatula bambo a Sabata aja, ndipo iwo anena kale kuti Loweruka sangabwere ngakhale ovataimu ikhale katatu.

Msabata_wa_ku_Ntcheu
Ndiye bwanayo Loweruka azibwera okha kudzatsegula.

Dalaivala_Mkulu
Madalaivala anuwo muwaimbirebe foni ngakhale sizikuwakhudza. Ngati osungira katundu aziweruka 4:30, wobwera ndi thiraki 4:45 amutsitsira ndani?

Mlembi_25
Iiii, zimenezo palibe anaziganiza. Ndazilemba pa mndandanda wa mawa.